Chidebe cha Penti ndi Chigubu cha Mankhwala: Kodi Sopo Angaziyeretse?

Lero tikambirane za chiwiya chimene chimapezeka pafupifupi pakhomo lililonse. Ndikunena chidebe cha pulasitiki cha malita 20 chija chokhala ndi chivindikiro chothina, pamodzi ndi abale ake, chigubu ndi mgolo wabuluu. Zambiri mwa ziwiya zimenezi sitigula zatsopano. Timazigula pamsika kwa ogulitsa zidebe zakale, timazipempha pamalo omwe akumanga nyumba, kapena bambo amabwera nazo kuchokera kuesiteti kumene amagwira ntchito. Zina zinali ndi penti, zina guluu, zina mafuta a galimoto, zina mankhwala opopera thonje, fodya ndi tomato. Zikafika pakhomo, mayi amazikwecha ndi sopo ndi mchenga, n'kuziyanika padzuwa, mawa lake zili kumjigo. Funso ndi lakuti, kodi chidebe choterechi tingasungiremo madzi akumwa, chimanga, ufa kapena mtedza?

Ndiyankhe msanga, kenako ndifotokoze. Chiwiya chimene munakhalapo mankhwala ophera tizilombo kapena udzu, mafuta a galimoto, thinazi, penti wa mafuta, kapena chinthu chimene simukuchidziwa, chisayandikire chakudya ndi madzi akumwa, ngakhale mutachitsuka kangati. Chidebe cha penti wa madzi chili ndi nkhani yakeyake, ndipo tifikako. Chotetezeka ndi chimene chinabwera ndi chakudya kuchokera kufakitale, monga mafuta ophikira kapena majarini.

Ndikudziwa kuti pali amayi amene akumva izi akuti, “Ife takhala tikumwera m'chidebe cha penti kuyambira kalekale, ndipo palibe wafa.” Sindikutsutsa, mayi. Koma tiyeni tione zimene zimachitika m'kati mwa pulasitiki, chifukwa ambirife timamuyesa galasi, pamene si galasi.

Mukatembenuza chidebe n'kuyang'ana kunsi kwake, nthawi zambiri mupeza kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala pakati. Ngati pali 2, pamalembedwanso HDPE. Ngati pali 5, pamalembedwa PP. Mitundu iwiriyi ndi imene amapangira zidebe ndi zigubu zambiri, ndipo ikakhala yatsopano komanso yopangidwira chakudya, ilibe vuto. Ogulitsa ena ochenjera anaiphunzira nambala imeneyi, moti amakuonetsani n'kumati, “Onani bwana, nambala 2, n'chabwino ichi.” Nambalayo ikungokuuzani mtundu wa pulasitiki, kuti okonzanso zinyalala adziwe pochiponya. Sikukuuzani chimene chinali m'katimo. Chigubu cha mafuta ophikira ndi chigubu cha mankhwala a thonje zonse zikhoza kukhala ndi nambala 2. Chizindikiro chosonyeza kuti chiwiya anachipangira chakudya ndi china, chojambulidwa kapu ndi foloko, ndipo nachonso chimanena za tsiku limene chinkatuluka kufakitale, osati za moyo umene chakhala pambuyo pake.

Pulasitiki wa mtundu umenewu salowa madzi, n'chifukwa chake chidebe sichidontha. Koma zinthu za mtundu wa mafuta amaziyamwa pang'onopang'ono, n'kuzisunga m'kati mwa khoma lake. Umboni muli nawo kunyumba. Chigubu chimene munasungiramo palafini, kodi chinasiya kununkha? Mukhoza kuchitsuka ndi sopo, phulusa, madzi otentha, koma mukachitseka n'kuchisiya padzuwa, fungo limabwerera. Silichokera pamwamba pamene munakwecha paja ayi. Likutuluka m'kati mwa pulasitiki. Sopo amafika pamwamba pokha. Zimene zinalowa m'katizo zimatuluka pa nthawi yake, n'kulowa m'madzi kapena m'chakudya chimene mwaikamo, ndipo kukatentha zimatuluka msanga.

Mankhwala ambiri opopera mbewu amasungunulidwa m'madzi ena onunkha ngati petulo. Alimi mumawadziwa, ndi aja mukawathira m'madzi amayera ngati mkaka, ndipo pa lebulo pake pamalembedwa zilembo EC. Madzi onunkhawo amafewetsa pulasitiki n'kulowa nacho chiphe m'kati. Chigubu chikakhala nawo miyezi yambiri m'nyumba yotentha ya malata, khoma lake limakhuta.

Tiyeni tiwerengere limodzi nkhani imodzi, kuti tisamangolankhula zam'mutu. Titenge dayimethoweti, mankhwala ophera nsabwe za m'mbewu amene alimi a tomato, fodya ndi thonje amawadziwa bwino. Kawirikawiri amagulitsidwa olembedwa 40 EC, kutanthauza kuti lita imodzi muli magalamu 400 a chiphe chenichenicho. Tiyerekeze kuti bambo wina wapatsidwa chigubu cha malita 20 kuntchito, atakhuthula mankhwala onse. Chigubu sichitha phyiti. Pansi, m'makona ndi m'chogwirira chija mumatsalira timadontho. Tinene kuti zotsalazo zangokwana kasupuni kamodzi ka tiyi, komwe ndi mamililita 5. M'kasupuni kameneko muli magalamu awiri a chiphe, kapena kuti mamiligalamu 2,000. Bambo aja akadzaza madzi m'chigubumo osatsuka, lita iliyonse ikhala ndi mamiligalamu 100.

Tsono bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linaika muyezo wa dayimethoweti m'madzi akumwa. Muyezowo ndi mamiligalamu 6 okha m'malita 1,000, omwe ndi migolo isanu ya malita 200. Ndiye kuti kasupuni kamodzi kaja n'kokwanira kufikitsa pa muyezowo madzi a m'migolo yoposa 1,600. Ife takathira m'chigubu chimodzi.

Wina ati, “Nanga ndani angamwere osatsuka?” N'zoona. Tiyerekeze tsono kuti mayi atsuka mwaluso kwambiri, mpaka kuchotsa magawo 999 mwa magawo 1,000 alionse. Kutsuka kumeneko n'kwapamwamba zedi. Chotsala ndi mamiligalamu awiri, ndipo m'malita 20 amenewo madziwo apitirirabe muyezo uja ka 16. Apa sitinawerengere zimene zinalowa m'khoma la chigubu, zomwe zizituluka pang'onopang'ono kwa milungu ndi miyezi. Ndinene chilungamo, muyezo wa WHO ndi wa munthu womwa madziwo moyo wake wonse, choncho kupitirira ka 16 sikugwetsa munthu pompo. Apa ndi pamene mawu a mayi aja akuti palibe wafa amachokera. Koma banja limamwera m'chigubu chomwecho m'mawa ndi madzulo, mwana wa miyezi isanu ndi umodzi amaphikiridwa phala ndi madzi omwewo, ndipo palibe amene angayeze pakhomo kuti chatsala n'chochuluka bwanji.

Ndipo nthawi zina anthu amafadi pompo. Pa 16 Julayi 2013, pasukulu ina ya pulayimale m'mudzi wa Gandaman m'chigawo cha Bihar ku India, ana anadya chakudya chamasana chimene sukulu inkawaphikira. Posakhalitsa anayamba kusanza ndi kukomoka, ndipo ana 23 anamwalira. Ofufuza anapeza m'mafuta ophikira mankhwala ophera tizilombo otchedwa monokurotofosi, a banja limodzi ndi dayimethoweti koma aukali kuposa pamenepo, ndipo zinamveka kuti mafutawo anasungidwa m'chiwiya chimene kale munali mankhwalawo. Wophika anadandaula kuti mafuta sakuoneka bwino, koma anauzidwa kuti aphike basi. Mphunzitsi wamkulu wa sukuluyo anadzagamulidwa kukhala kundende zaka 17. Ndaitchula nkhaniyi chifukwa nafenso m'sukulu zambiri ana amalandira phala, ndipo madzi ake amatungidwa ndi amayi ongodzipereka, aliyense ndi ndowa ya kunyumba kwake. Amakomiti a sukulu, kodi munafunsapo kumene ndowazo zinachokera?

Onani kuti ku India kuja chiphe chinalowa m'mafuta. Apa mpamene nkhani ya mbewu imandidetsa nkhawa kuposa ya madzi. Anthu amaganiza kuti chimanga poti n'chouma sichingatenge kanthu. Koma ziphe zimenezi zimakonda mafuta, ndipo mtedza, soya, chitowe ndi mtima wa chimanga zili ndi mafuta. Ufa, makamaka mgaiwa, umayamwa fungo la chilichonse chimene wayandikana nacho, amayi mukudziwa zimene zimachitika ufa ukagona pafupi ndi sopo. Kusiyana kwina n'kwa nthawi. Madzi amakhala m'chidebe tsiku limodzi kapena awiri, n'kutungidwa ena. Chimanga chimatsekeredwa mu Juni n'kudzatsekulidwa mu Disembala, chitapirira kutentha konse kwa Okutobala, ndipo mpweya wochokera m'pulasitiki ulibe kothawira koma m'chimangamo. Kuyala pepala la pulasitiki m'kati sikuthandiza kwenikweni, chifukwa jumbo yopyapyala ndi pulasitiki yemweyo, mpweya wa mankhwala umadutsa.

Pali maganizo enanso amene ndimawamva kwa alimi, akuti chigubu cha mankhwala n'chabwino kusungiramo nyemba chifukwa anankafumbwe salowamo. Salowamodi, ndipo chimene chikuwapha ndi chomwecho chimene mudzadye. Musafanizire ndi Akiteliki. Iyeyu anapangidwira mbewu zosunga, ali ndi mlingo wake pa thumba ndiponso malangizo ake pa lebulo. Mankhwala opopera thonje sanapangidwe kuti azithiridwa m'chakudya chosunga.

Tsopano za penti, pakuti zidebe zambiri za pamsika ndi za penti. Penti alipo wa mitundu iwiri. Pali wa madzi, amene amisiri amamutcha PVA, wopaka makoma, yemwe burashi yake imatsukidwa ndi madzi. Palinso wa mafuta, wonyezimira uja wopaka zitseko, mawindo ndi zitsulo, yemwe amasungunulidwa ndi thinazi, tapentaini kapena petulo.

Penti wa mafuta ali ndi zoopsa ziwiri. Choyamba ndi madzi onunkha aja, amene amalowa m'pulasitiki monga tafotokozera. Chachiwiri ndi mtovu. Opanga penti akhala akuthira mtovu kuti mtundu uwale, makamaka wachikasu, wofiira, wa olenji ndi wobiriwira, komanso kuti penti aume msanga ndi kuteteza dzimbiri. Muyezo umene mayiko ambiri akutsata ndi wakuti mtovu usapitirire mamiligalamu 90 pa kilogalamu imodzi ya penti wouma. Zaka zingapo zapitazi penti wogulitsidwa m'Malawi muno anayesedwa, ndipo mitundu yambiri ya penti wa mafuta inapezeka ndi mtovu wopitirira muyezo. Bungwe loona za miyezo la MBS linakhwimitsa ntchito, ndipo zinthu zasinthako. Koma chidebe chimakhala zaka zambiri, ndipo chimene muli nacho pakhomo mwina n'cha penti wa nthawi imeneyo.

Mtovu sununkha, sumveka kukamwa, ndipo suwola. Akatswiri a zaumoyo amanena kuti palibe mlingo wake umene tingati ndi wabwino m'thupi la mwana. Umaononga ubongo umene ukukula, umachepetsa magazi, ndipo mayi woyembekezera amaupatsira mwana ali m'mimba. Mwana wotere sagona m'chipatala. Amangovutika kugwira za m'kalasi, makolo n'kumati ndi waulesi, ena n'kumaloza anthu zala. Njira imene mtovu umalowera m'chakudya ndi yosavuta kuiona. Timakoko ta penti wouma timasweka n'kusakanikirana ndi chimanga, chimangacho chimapita kuchigayo, ndipo timakoko tija timasanduka ufa limodzi nacho. Sefa sangazilekanitse.

Njira ina ndi yonyika mphale. Mphale ikakhala m'madzi masiku awiri kapena atatu, madzi ake amasasa, ndipo madzi osasa amasungunula mtovu msanga kuposa madzi wamba. Chimodzimodzi thobwa, masese ndi madzi a malambe kapena a bwemba. Thobwa limathiridwanso m'chidebe likadali lotentha. Kutentha ndi kusasa zikakumana m'chidebe cha penti, palibe njira ina yoposa imeneyi yokokera zonse za m'chidebemo kuti zilowe m'chakumwa. Kumaukwati, kumaliro ndi kuzinkhoswe, zidebe za thobwa zimasonkhanitsidwa m'makomo osiyanasiyana, ndipo omwa amakhala mudzi wonse.

Nanga chidebe cha penti wa madzi? Apa sindifuna kukuopsezani mopitirira. Penti wa madzi kawirikawiri sakhala ndi mtovu wambiri ngati wa mafuta, ndipo akauma amasendeka ngati chikopa. Pa zidebe zonse zimene tatchulazi, ichi ndi chochepa ngozi. Komabe m'penti wa madzi amathiramo mankhwala oletsa kuwola akadali m'chidebe, ndipo wopaka kunja amathiramonso oletsa nkhungu ndi ndere pakhoma. Chidebe chakecho sanachipangire chakudya, motero wopanga anali ndi ufulu wosakaniza pulasitiki wakale wokonzedwanso komanso utoto uliwonse. Koma chachikulu ndi ichi: pamalo omanga nyumba chidebe sichigwira ntchito imodzi. Penti akatha, mmisiri amasakanizamo wa mafuta, amanyikamo maburashi m'thinazi, amasungunuliramo mankhwala a chiswe othira pamaziko, amathiramo oyilo wakuda wopaka matabwa. Lebulo imanena za penti woyamba uja basi. Chigamulo changa n'chakuti chidebe cha penti wa madzi, chitasendedwa ndi kutsukidwa bwino, chikhale chochapira, chokolopera, chothirira maluwa kapena chotungira madzi oumbira njerwa. Madzi akumwa, ufa, mphale ndi thobwa zipezereni china. Ndipo chidebe cha ntchitozo chilembeni chizindikiro chachikulu, chifukwa mwana wotumidwa kumjigo amangotola chimene chili pafupi.

Pali njira zingapo zimene anthu amadalira poyeretsa zidebe, ndipo ndizitchule mwachidule. Kukwecha ndi mchenga kapena sitiliwulo kumachotsa penti wooneka, koma kumakanda khoma, ndipo m'mikwingwirimamo mumabisala zotsalira ndi majeremusi. Madzi owira amafewetsa pulasitiki, safika m'kati. Kuyanika padzuwa kumauluzako fungo, koma mtovu suuluka, ndipo dzuwa la nthawi yaitali limafumbutsa pulasitiki mpaka kumatuluka kaufa koyera mukapaka chala. Wotagadi ndi kulorini zimapha majeremusi, sizichotsa chiphe. Kuwiritsa madzi nakonso kumapha majeremusi, koma mtovu umatsala mumphika momwemo pamene madzi akuchepa.

Nanga kununkhiza? Kuli ndi ntchito yake, koma ya mbali imodzi. Tsukani chidebe, chiume, mutseke chivindikiro n'kuchisiya padzuwa kuyambira m'mawa mpaka masana, kenako mutsekule n'kununkhiza. Kapena dzazani madzi, agone, m'mawa muone ngati pamwamba pali kamafuta konyezimira. Mukamva fungo lachilendo kapena kuona kamafutako, chidebecho chagwa mayeso. Koma kusamva fungo si umboni woti n'choyera. Akuluakulu anati tsoka silinunkha, ndipo mtovu ndi mankhwala ena ophera udzu ali choncho.

Choncho pogula, funso lofunika ndi limodzi: munali chiyani? Yang'anani lebulo yoyambirira. Mankhwala a mbewu amakhala ndi mzere wa mtundu m'munsi mwa lebulo. Wofiira ndi wa chiphe choopsa kwambiri, ndipo pamakhala chigaza ndi mafupa opingasa. Kenako pamabwera wachikasu, wabuluu ndi wobiriwira. Mzere wobiriwira ukutanthauza kuti ngozi yake ndi yocheperapo kwa wopopera amene akutsata malangizo, sukutanthauza kuti mungamweremo. Lebulo ikakhala yosendedwa dala, kapena pali banga m'kati limene silichoka, chisiyeni, ngakhale wogulitsa atalumbira. Mwina iyenso sakudziwa, anangogula mulu. Migolo yabuluu ya malita 200 ndi imene imavuta kwambiri, chifukwa ina imabwera ndi zinthu zopangira zakumwa, ina ndi asidi, guluu kapena mankhwala a m'fakitale, koma kunja imafanana. Wogulitsa akalephera kukuonetsani lebulo kapena kukuuzani fakitale imene unachokera, mgolo umenewo usiyeni.

Sindikunena kuti mutaye zidebe n'kumasunga madzi m'beseni lapululu. Kolera amene anayamba mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo chimodzi mwa zimene zimateteza banja ndi chiwiya chovindikira bwino, chimene manja ndi makapu salowamo. Chiwiya chimenecho chikufunika ndithu, nkhani ndi ya kuchisankha. Chigubu chachikasu cha mafuta ophikira, kapena chidebe cha mafuta ndi majarini chochokera kwa ophika buledi ndi okazinga chipisi, chimapezeka m'misika yomweyo. Ngati mungathe, gulani kwa amene anagwiritsa ntchito mafutawo, lebulo ikadalipo, chifukwa zigubu zachikasu nazonso ena amasungiramo dizilo ndi petulo, makamaka mafuta akamasowa. Chitsukeni ndi madzi ofunda ndi sopo mpaka kuterera kuthe, mutsukuluze, muthiremo madzi a kulorini kwa mphindi 30, n'kuchiumitsa chozondoka. Mafuta ophikira akatsalira amangovunda n'kununkhitsa madzi, ndiye vuto lake ndi la ukhondo, ndipo sopo amalithetsa. Mukaikapo kampopi, mwamaliza. Mtsuko wa dothi wovindikira nawonso sunathe ntchito.

Ku mbali ya mbewu, chidebe cha chakudya chokhala ndi chivindikiro chothina n'chabwino kwambiri. Cha malita 20 chimalowa chimanga pafupifupi makilogalamu 15 mukadzaza mosasefukira. Chinsinsi chake ndi kudzaza mpaka pakamwa ndi kutseka kuti mpweya usalowe. Tizilombo timene tili m'katimo timamaliza mpweya wotsalawo n'kufa tokha, popanda mankhwala. Matumba a PICS, amene anayambira ku yunivesite ya Purdue ku Amereka, amagwira ntchito mwa njira yomweyi ndi mapepala awo awiri a m'kati. Koma chimanga chiyenera kuuma kwenikweni, chinyezi chisapitirire 13 pa 100 alionse, apo ayi chichita chuku. Poyesa, thirani chimanga ndi mchere wouma m'botolo lagalasi louma, mutseke, mukhutchumule, mudikire kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimanga chibwerere padzuwa. Ndipo musamatsekule chidebecho pafupipafupi. Chodya tsiku ndi tsiku chikhale padera.

Alimi, gwero la zigubu za mankhwalazi ndi inu, ndiye mawu awa ndi anu. Malangizo a mabungwe a FAO ndi WHO amati chiwiya cha mankhwala chikangotha chitsukuluzidwe katatu nthawi yomweyo. Thirani madzi kufika gawo limodzi mwa magawo anayi, mutseke, mukhutchumule kwa masekondi 30, n'kukhuthulira madziwo m'sipuleya kuti akapopere mbewu, osati pansi kapena mumtsinje. Chitani zimenezi katatu. Mukatero, chibooleni pansi ndi m'mbali kuti wina asadzachitole. Anthu ena amamva theka loyamba lokha la langizoli n'kuganiza kuti kutsuka katatu kumachiyeretsa kuti chikhale cha madzi. Ayi, cholinga chake n'chakuti chisavulaze wochinyamula pokachitaya, n'chifukwa chake langizo lomwelo likuti chibooledwe. Musachitenthe, utsi wake ndi woipa. Funsani alangizi a zaulimi kapena sitolo imene munagulako za kumene mungachipereke, ndipo nkhani za mankhwalawa zili m'manja mwa bungwe loyang'anira mankhwala ophera tizilombo lomwe lili ku Bvumbwe. Ndowa yosakanizira mankhwala kudimba ikhale ya ntchito yokhayo, isabwere kunyumba itadzaza tomato kapena madzi. Eni maesiteti ndi makontilakitala, kupatsa wantchito chigubu cha mankhwala ngati mphatso si chifundo.

Ngozi ikachitika, muizindikire msanga. Mankhwala a banja la dayimethoweti amayamba kuonekera pasanathe maola ochepa, nthawi zina mphindi zochepa chabe. Munthu amachucha malovu, thukuta ndi misozi, amasanza, amatsekula m'mimba, minofu imanjenjemera, ndipo kupuma kumavuta ngati chifuwa chadzaza madzi. Kusanza ndi kutsekula kungakusokonezeni ndi kolera, koma yang'anani malovu aja komanso maso: kadontho kakuda ka pakati pa diso kamachepa kwambiri. Anthu angapo a nyumba imodzi akadwala nthawi imodzi atangoyamba kugwiritsa ntchito chiwiya chatsopano, ganizirani chiwiyacho. Musamusanzitse wodwalayo, musamumwetse mkaka kapena mafuta, ndipo ngati wakomoka mugonekeni chammbali. Thamangirani naye kuchipatala mutanyamula chigubucho kapena lebulo yake, chifukwa dokotala akadziwa dzina la mankhwala sataya nthawi. Pali jakisoni wa atiropini amene amapulumutsa moyo akaperekedwa msanga. Chakudya ndi madzi otsalawo musapatse nkhuku kapena galu.

Omvera, pulogalamu ino ikatha, pitani mukatembenuze zidebe ndi zigubu zonse zimene mumasungiramo madzi akumwa, ufa ndi mbewu. Pa chilichonse dzifunseni ngati mukudziwa chimene chinabwera nacho. Cha mafuta ophikira chitsale m'nyumba. Cha penti wa madzi chipite kochapira mutachilemba chizindikiro. Cha mankhwala, cha penti wa mafuta ndi chija simukuchidziwa chibooleni lero lomwe.